Kalembedwe ka mawu apansi pa chithunzi cha amisiri ali pa ntchito

Munthu amene akufuna kumangitsa nyumba akatsegula tsamba la kampani yomanga pa Facebook, kawirikawiri amapeza chithunzi chofanana ndi cha makampani ena onse. Anyamata asanu aimirira kutsogolo kwa khoma, avala zipewa zolimba, akumwetulira, ndipo pansi pake palembedwa kuti "Gulu lathu lolimbikira lili pa ntchito." Munthuyo wasonkhanitsa ndalama zaka zambiri kuti agule simenti ndi malata. Chimene akufuna kudziwa n'chakuti kodi anthu amenewa adzamumangira khoma loongoka, kodi denga lidzakhala bwino pamwamba pake, kodi chinyontho sichidzakwera m'zipupa mvula ikabwera. Kumwetulira sikumuyankha mafunso amenewa, ndipo mawu oti "lolimbikira" angathe kulembedwa ndi aliyense, ngakhale amene sanagwirepo chipande.

Malangizo awa atenga chitsanzo cha gulu la amisiri omanga nyumba, popeza ntchito yawo ili ndi miyezo yooneka. Mfundo yake ndi imodzi: pa mphindi imene chithunzi chinajambulidwa, mmisiri anali kuyeza kanthu, kusankha kanthu kapena kupewa vuto linalake, ndipo mawu apansi pa chithunzi ayenera kutchula chinthu chimenecho. Chinthucho simungachipeze mutakhala mu ofesi. Amachidziwa ndi mwini ntchito.

Choyamba: sankhani chithunzi chimene manja agwira kanthu

Mawu abwino sangapulumutse chithunzi chimene mulibe ntchito. Mukamasankha pa zithunzi makumi awiri kapena atatu zimene zajambulidwa tsiku limodzi, yang'anani zinthu ziwiri: manja ndi maso. Manja akhale atagwira chida kapena chomangira, monga tepi, levulo, chingwe, chipande kapena njerwa. Maso akhale akuyang'ana pa ntchitoyo. Mmisiri amene akuyang'ana kamadzi ka mu levulo amaoneka wodziwa ntchito kuposa amene wanyamula levulo yomweyo n'kumayang'ana wojambula.

Chithunzi cha gulu lonse litafola chili ndi malo ake, monga pa tsiku lopereka makiyi kwa mwini nyumba. Chimodzi n'chokwanira. Zotsalazo zikhale za anthu awiri kapena atatu, zojambulidwa chapafupi moti wowerenga pa foni athe kuona chida chimene chili m'manja.

Chachiwiri: funsani mmisiri pomwepo, asanachoke pamalopo

Apa ndi pamene ntchito yaikulu ili, ndipo ndi pamene ambiri amadumpha. Wojambula amabwerera ku ofesi ndi zithunzi zokhazokha, pakapita sabata wina n'kuzitsegula, n'kuyamba kulota zoti alembe. Ndiye amalemba zimene maso ake akuona: "Amisiri akuyeza malo." Wowerenga nayenso ali ndi maso, ndipo zimenezo waziona kale.

Mukangojambula, dikirani mmisiri amalize chimene wagwira, chifukwa matope a simenti akapondedwa sadikira munthu, kenaka mufunseni mafunso atatu. Loyamba: "Pamenepa mumatani kwenikweni?" Lachiwiri: "Mumadziwa bwanji kuti zakhala bwino?" Lachitatu: "Mukapanda kutero chingachitike n'chiyani?"

Funso loyamba limakupatsani mneni weniweni wa ntchitoyo. Lachiwiri limakupatsani muyezo, nambala kapena chizindikiro chimene mmisiri amaona ndi maso kapena kumva ndi dzanja. Lachitatu limakupatsani chifukwa, ndipo chifukwacho n'chimene chimamukhudza mwini ndalama. Pa atatuwa, lachiwiri ndi limene timaliona kukhala lofunika kwambiri, popeza munthu wongothandizira angathe kukuuzani chimene akuchita, koma amene amadziwa poonera kuti zakhala bwino ndi mmisiri weniweni.

Amisiri ambiri, makamaka achikulire, sayankha zambiri pa funso loyamba. Mukawafunsa amangoti, "Tikungomanga basi." Musalekere pomwepo. Lozani chinthu chimodzi n'kufunsa mwaulemu: "Bambo, chingwe ichi mwachisuntha kawiri, chinalakwika n'chiyani?" Kapena: "Njerwa izi mwazithira madzi musanamange, n'chifukwa chiyani?" Funso lolunjika pa chinthu chimodzi limamasula pakamwa. Adzakuuzani kuti njerwa yootcha ikakhala youma imamwa madzi a m'matope simenti isanagwire, ndiye khomalo siligwirana bwino. Amenewo ndiwo mawu anu apansi pa chithunzi, atsala n'kuwakonza pang'ono.

Musadalire mutu wanu. Jambulani mawu awo pa foni, mutawapempha kaye, ndipo poyamba nenani nambala ya chithunzi imene foni kapena kamera yapereka, monga `IMG_2417`. Ngati mukulemba m'kope, tsamba lililonse likhale ndi nambala ya chithunzi, tsiku, dera, maina a anthu kuyambira kumanzere, ndi mayankho atatu aja. Pamatha mphindi ziwiri kapena zitatu pa chithunzi chilichonse. Ngati zithunzi akutumiza ndi kapitawo kudzera pa WhatsApp, mupempheni atumize ngati `Document`, popeza zotumizidwa mwachizolowezi zimachepetsedwa ndipo manambala a pa tepi saonekanso bwino. Chithunzi chilichonse achitsatize ndi uthenga wa mawu woyankha mafunso aja.

Chachitatu: lembani, kenaka fufutani, kenaka lembaninso

Titenge chithunzi chimodzi tichione kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pa puloti pasanakumbidwe maziko. Pali anthu atatu. Wina wagwada pa chikhomo atagwira nsonga ya tepi, wina wakoka tepiyo mopingasa kupita ku ngodya ina, ndipo kapitawo wawerama akuwerenga nambala. Zingwe zamangidwa kale pa zikhomo kuzungulira malo a nyumba.

Wolemba amene sanafunse kanthu adzalemba chonchi:

"Gulu lathu la akatswiri lili kalikiliki kuonetsetsa kuti kasitomala alandire ntchito yapamwamba."

Mawu amenewa mungawachotse n'kuwaika pansi pa chithunzi cha anthu osoka zovala, okonza galimoto kapena ophika buledi, ndipo angakwane bwinobwino. Umenewu ndiwo muyeso woyamba wa mawu aliwonse amene mwalemba. Akakwana pansi pa chithunzi china chilichonse, fufutani.

Tsopano tiyerekeze kuti munafunsa, ndipo kapitawo anakuuzani izi. Nyumbayo ndi ya mamita 12 m'litali ndi mamita 9 m'lifupi. Ngodya yoyamba anaiongola ndi njira ya 3, 4, 5: kuyeza mamita 3 pa chingwe chimodzi kuchokera pa ngodya, mamita 4 pa chingwe chinacho, ndipo mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo uyenera kukhala mamita 5. Ukatero ndiye kuti ngodya ili sikweya. Atamaliza ngodya zonse, anayeza mopingasa kuchokera pa ngodya ina kufika pa yoyang'anizana nayo, mbali zonse ziwiri. Pa nyumba ya mamita 12 ndi 9, mizere iwiri yopingasayo iyenera kukhala mamita 15 uliwonse. Poyamba inasiyana ndi masentimita 4, choncho anasuntha zikhomo n'kuyezanso mpaka inafanana. Pa funso lachitatu anayankha kuti ngodya ikapotoka pa maziko, vutolo limakwera ndi khoma mpaka pa denga: malata sagona mofanana m'mphepete, ndipo matailosi a pansi amafuna kudulidwa mopendekera m'mbali mwa chipinda.

Ndi zimenezi m'manja, kulemba koyamba kungatuluke chonchi:

"Amisiri athu akugwiritsa ntchito njira ya 3, 4, 5 komanso kuyeza mopingasa pofuna kuonetsetsa kuti ngodya zonse zinayi za nyumba ya mamita 12 ndi 9 zili sikweya, pomwe anapeza kuti panali kusiyana kwa masentimita 4 ndipo anakonza, zomwe zimathandiza kuti denga ndi matailosi zidzakhale bwino."

Zoona zonse zilimo, koma zadzazana m'chiganizo chimodzi, ndipo muli chinthu chimene chithunzi sichikuonetsa. Pa chithunzipo akuyeza mopingasa. Njira ya 3, 4, 5 anaigwiritsa ntchito kale wojambula asanafike. Mmisiri wina akaona chithunzicho adzazindikira kuti tepi yakokedwa kuchokera ku ngodya kufika ku ngodya, ndipo adzadziwa kuti wolembayo sakusiyanitsa ziwirizi. Chotsani zimene sizili pa chithunzi, ndipo gawani ziganizo:

"Kapitawo, a Uje, akuwerenga tepi pamene a Uje ndi a Uje akuyeza mopingasa malo a nyumba ya mamita 12 ndi 9 ku Area 49, mu Lilongwe. Mizere iwiri yopingasa inasiyana ndi masentimita 4, ndipo anasuntha zikhomo mpaka yonse inakwana mamita 15. Ngodya ikapotoka pa maziko, malata sadzagona mofanana pa denga."

Pamene pali "a Uje" muikapo maina enieni. Onani mmene ziganizo zitatuzi zagawanirana ntchito. Choyamba chikunena zimene zikuoneka, ndipo mneni wake ali mu nthawi ya tsopano: akuwerenga, akuyeza. Chachiwiri chikunena zimene diso silingaone, zimene zinachitika pafupi ndi mphindi imeneyo, ndipo chili mu nthawi yapita: inasiyana, anasuntha. Chachitatu chikupereka chifukwa m'mawu amene mwini nyumba angamve. Mulibe "akatswiri", mulibe "yapamwamba", koma wowerenga watsala akudziwa kuti anthu awa sakumba asanayeze kawiri.

Eni makampani ena amaopa chiganizo chachiwiri chija. Amati kutchula masentimita 4 kukuonetsa ngati tinalakwitsa. Ife tikuona kuti ndi chiganizo chimene chili ndi mphamvu kuposa zinazo. Zingwe sizikhala ndendende pa kuyeza koyamba, ndipo aliyense amene anamangitsapo amadziwa zimenezi. Luso lili pa kupeza kusiyanako zikhomo zikadali zosunthika, simenti isanathiridwe. Komabe pali malire. Vuto limene linapezeka n'kukonzedwa ntchito ili mkati mungalitchule. Vuto limene linachititsa kuti khoma ligumulidwe, kapena limene mukukanganirana ndi mwini nyumba, si la pansi pa chithunzi.

Aneni ndi mawu otamanda

Mukamaliza kulemba, zungulizani mneni aliyense. Aneni monga "akugwira ntchito", "akuonetsetsa", "akuthandizana", "akulimbikira" sanena chimene manja akuchita. M'malo mwake muikepo mneni amene mmisiriyo anatchula: akuyeza, akuponda matope, akunyowetsa njerwa, akukhoma zikhomo, akusefa mchenga, akuyala pepala loletsa chinyontho, akuthirira konkire, akusalaza pulasitala. Ngati simungathe kupeza mneni wotere, ndiye kuti simunafunse mokwanira, ndipo ndi bwino kumuimbira foni mmisiriyo kusiyana n'kudzaza ndi mawu otamanda.

Mawu otamanda onse, monga "aluso", "odalirika", "odzipereka", muwachotse kaye n'kuwerenganso. Nthawi zambiri palibe chimene chimasowa.

Chachinayi: manambala ochepa, ndipo akhale a tsiku limenelo

Nambala imapatsa mawu kulemera, koma ndiyonso imene imagwetsa msanga ikalakwika. Lamulo lake n'lakuti mulembe nambala imene inagwiritsidwa ntchito pamalopo, osati imene munaiwerenga kwina. Ngati pa chithunzi akuponda matope, funsani kuti muyezo wake unali wotani tsiku limenelo ndiponso amayezera chiyani. Kulemba "simenti 1, mchenga 6" osatchula choyezera kumasiya mpata waukulu, chifukwa fosholo ya munthu mmodzi siidzaza mofanana ndi ya mnzake, ndipo wilibala yodzaza mpaka kusefukira si yofanana ndi yosalazidwa. Mukalemba kuti "akuyeza ndi chidebe chimodzimodzi, cha simenti chimodzi pa zidebe 6 za mchenga", mwaonetsa chinthu chimene ambiri sachita. Koma mulembe zimenezo pokhapokha ngati chidebecho chinalipodi, ndipo ndi bwino chizioneka pa chithunzi.

Nachi chitsanzo china. Pa chithunzi pali mayi wanyamula kheni akuthira madzi pa silabu imene yaphimbidwa ndi masaka onyowa. Wosadziwa angalembe kuti akutsuka. Amene wafunsa angalembe:

"A Uje akuthirira silabu pa tsiku lachinayi kuchokera pamene konkire inathiridwa. Imathiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, itaphimbidwa ndi masaka, chifukwa konkire ikauma msanga ndi dzuwa la mu Okutobala imang'aluka ndipo siilimba mokwanira."

Ntchito yothirira imaoneka yonyozeka, ndipo pa zithunzi zambiri siipezeka n'komwe. Koma mwini nyumba amene anaonapo silabu ya mnzake itachita ming'alu adzaima pa chithunzi chimenechi nthawi yaitali kuposa pa cha khoma lopakidwa penti.

Musachulutse manambala pa chithunzi chimodzi. Mawu a ntchito amene amisiri amatchula tsiku ndi tsiku, monga levulo, lintala, silabu, sikweya, muwasiye momwemo, popeza ndi amene anthu amawadziwa. Liwu limene wowerenga wamba sangalimve mulitsatize ndi ntchito yake m'chiganizo chomwecho, monga "waya woyalidwa pakati pa mizere ya njerwa kuti khoma lisang'aluke."

Chachisanu: maina, maudindo ndi chilolezo

Luso ndi la munthu, choncho munthuyo atchulidwe. Pa chithunzi cha anthu osapitirira anayi kapena asanu, tchulani aliyense, kuyambira kumanzere kupita kumanja, kapena muwasiyanitse ndi chimene agwira: "a Uje, amene agwira levulo." Dzina mulilembe monga mwini wake amalilembera. Mupatseni kope alembe yekha, kapena muliwerenge mokweza chilembo ndi chilembo. Dzina lolakwika pansi pa chithunzi limapweteka, makamaka kwa munthu amene amafuna kutumiza chithunzicho kwa abale ake kumudzi.

Udindo ukhale weniweni. Kapitawo ndi kapitawo, mmisiri ndi mmisiri, wophunzira ntchito ndi wophunzira ntchito. Musamutche munthu injiniya chifukwa choti wavala chipewa choyera. Ngati mukufuna kutchula satifiketi, monga ya TEVETA, kapena kuti kampani inalembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, onani pepalalo ndi maso anu kaye, ndipo muonetsetse kuti silinathe ntchito. Zaka zimene munthu wakhala pa ntchito muzitchule ngati mwini wake wanena, ndipo kamodzi n'kokwanira, osati pa chithunzi chake chilichonse.

Pali cholakwika china chimene chimachitika kawirikawiri ndipo tikufuna tichitchule mosabisa. Pa chithunzi pakakhala mmisiri wamkazi, wolemba amaiwala ntchito n'kuyamba kulemba za ukazi wake: "Amayi nawonso angathe," kapena "Maluwa a kampani yathu." Mnzake wamwamuna amene ali pambali pake walembedwa kuti akuyeza lintala, iye walembedwa kuti akumwetulira. Mufunseni mafunso atatu omwe aja, ndipo mulembe chimene akuchita ndi muyezo wake. Chimodzimodzi ndi wophunzira ntchito. "A Uje, amene ali m'chaka chawo choyamba, akuphunzira kusunga mpata wa sentimita imodzi pakati pa mizere ya njerwa, pamene a Uje akuyang'anira chingwe" ndi mawu amene akulemekeza onse awiri, ndipo akuonetsanso kuti pa kampanipo pamaphunzitsidwa ntchito.

Musanaike chithunzi poyera, aliyense amene nkhope yake ikuoneka avomere, ndipo adziwe kumene chikupita: pa Facebook, pa tsamba la kampani, kapena m'chikalata chopempha ntchito. Aganyu a tsiku limodzi nawonso afunsidwe. Wina ali ndi zifukwa zake zosafunira kuonekera, ndipo sakakamizidwa kuzifotokoza. Akakana, sankhani chithunzi china, kapena dulani kuti patsale manja ndi chida. Mwini nyumba nayenso ali ndi gawo. Tchulani dera ndi mzinda basi, monga Chirimba mu Blantyre kapena Luwinga ku Mzuzu. Nambala ya puloti, dzina la mwini wake ndi mtengo wa nyumba zisalembedwe popanda chilolezo chake, chifukwa pamalo omanga pamakhala simenti, zitsulo ndi mafelemu zimene akuba amazifuna.

Chachisanu ndi chimodzi: yang'anani chithunzi chonse, m'mbali ndi kumbuyo komwe

Mawu angathe kunena za luso pamene chithunzi chikuwatsutsa. Chikulitseni pa kompyuta kapena pa foni ndipo muyang'ane ngodya zonse zinayi. Kodi kumbuyo kuli munthu pa nsanja yomangira atavala masilipasi? Kodi wina akuponda matope a simenti ndi mapazi osavala, pomwe simenti yonyowa imawotcha khungu? Kodi wowotcherera zitsulo wavala magalasi a dzuwa m'malo mwa chophimba nkhope? Kodi matumba a simenti aunjikidwa pa dothi osaphimba? Munthu amene amapereka ntchito zomanga amaona zimenezi asanawerenge liwu limodzi. Chithunzi chotere musachikonze ndi mawu ndipo musachiike. Kauzeni kapitawo zimene mwaona, chifukwa vutolo lili pamalo a ntchito.

Vuto lina ndi chithunzi chochita kukonza. Wojambula wafika nthawi ya nkhomaliro, ndiye wapempha mnyamata wina kuti agwire levulo pa khoma. Mnyamatayo waigoneka pamwamba pa njerwa pomwe mawu akuti akuona ngati khoma laima chilili. Poona kuima kwa khoma levulo imaimikidwa m'mbali mwake, ndipo ikagonekedwa pamwamba ndiye kuti akuona ngati mzere wa njerwa wagona mofanana. Mmisiri aliyense adzaona kusagwirizanako nthawi yomweyo. Ngati mwachedwa ndipo mphindi yeniyeni yadutsa, dikirani mzere wotsatira wa njerwa. Sipapita nthawi yaitali.

Samalaninso ndi chithunzi chakale. Ngati chinajambulidwa chaka chatha, lembani mwezi ndi chaka. Ngati munthu amene ali pamenepo anasiya ntchito, musalembe ngati akadalipo.

Chachisanu ndi chiwiri: kutalika kwake ndi malo oika

Ziganizo ziwiri kapena zitatu, mawu pafupifupi 30 mpaka 50, n'zokwanira pa chithunzi chimodzi. Pa Facebook, mawu aatali amadulidwa pa foni ndipo otsalawo amabisika kuseri kwa `See more`, kumene ambiri sadina. Choncho ntchito ndi muyezo zikhale m'chiganizo choyamba kapena chachiwiri. Moni, mayamiko ndi nambala ya foni ya kampani zipite kumapeto. Mukaika zithunzi zingapo pamodzi, chilichonse chikhale ndi mawu akeake, popeza chithunzi chimodzi chingatsegulidwe kapena kutumizidwa pachokha.

Mu gulu la zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za nyumba imodzi, musabwereze dera ndi kukula kwa nyumba pa chilichonse. Zimenezo zikhale pa choyamba. Zotsatirazo zitsate ndondomeko ya ntchito, kuyeza, kukumba, kuthira konkire, kuyala pepala loletsa chinyontho, kumanga, ndipo chilichonse chinene chinthu chimodzi chatsopano.

Pa tsamba la kampani pa intaneti pamakhala malo awiri olembamo, ndipo ntchito zake n'zosiyana. Mawu a mu `alt` amawerengedwa mokweza ndi makina othandiza anthu osaona, ndipo amaonekanso chithunzi chikakanika kutseguka pamene netiweki yavuta. Amenewa angonena mwachidule zimene zili pa chithunzi. Mawu a mu `figcaption` ndi amene aliyense amawerenga pansi pa chithunzi, ndipo ndi mmene muyezo ndi chifukwa zimalowa.

```html
<figure>
  <img src="kuyeza-maziko.jpg"
       alt="Amisiri atatu akukoka tepi mopingasa pakati pa zikhomo">
  <figcaption>Mizere yopingasa inasiyana ndi masentimita 4,
  ndipo anasuntha zikhomo mpaka yonse inakwana mamita 15.</figcaption>
</figure>
```

Musakopere mawu omwewo m'malo onse awiri, chifukwa munthu wosaona adzamva chinthu chimodzi kawiri.

Pa nkhani ya chilankhulo, lembani m'chimene makasitomala anu amalankhula akamakuimbirani foni. Ngati mukufuna ziwiri, lembani Chichewa kuchokera pa mawu a mmisiri mwachindunji, popeza iye anayankha m'Chichewa. Mukayamba ndi Chingerezi n'kumasulira, mawu a pa ntchito amatayika ndipo pamatsala ziganizo zouma za mu ofesi.

Chomaliza: mawuwo abwerere kwa mwini ntchito

Musanaike poyera, tumizani chithunzi ndi mawu ake kwa mmisiri amene ali pamenepo, kapena mumuwerengere pa foni. Musafunse kuti "Zili bwino?" chifukwa mwaulemu adzangoti zili bwino. Funsani chinthu chimodzichimodzi: "Dzina lanu ndalemba bwino? Ndalemba masentimita 4, ndi momwemo? Ndati munasuntha zikhomo, chinali chimodzi kapena ziwiri? Mnzanu wa ntchito ngati yanu akawerenga izi, pali pamene angatsutse?" Pa funso lomalizali ndi pamene zolakwika zimatulukira. Mwina adzakuuzani kuti amene wagwira tepi kumanzere si amene mwamutchula, kapena kuti silabu ija inali pa tsiku lachitatu, osati lachinayi.

Mukakonza, sungani mawu omalizawo pamodzi ndi chithunzi. Lembani fayilo imodzi ya nyumba iliyonse yokhala ndi nambala ya chithunzi, tsiku, mawu ovomerezedwa, ndi chizindikiro chosonyeza kuti anthu onse a pa chithunzicho anavomera. Kampani ikadzafuna zithunzi zoika m'chikalata chopempha ntchito patapita miyezi isanu ndi umodzi, kapitawo adzakhala ali pa nyumba ina ndipo manambala aja adzakhala atawaiwala, koma mu fayilomo adzakhala alimo.